Mabenchi Awiri, Mtengo Umodzi

Ana anga, ambiri mwa inu mwayamba kale kugwira mpamba m'manja. Wina ali ndi benchi la masamba, wina amayenda ndi beseni la nthochi pamutu, wina akukazinga tchipisi pamphambano. Tsiku lina, ngati silinafike kale, mudzakhala pamalonda anu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu osagulitsa kanthu kooneka, ndipo mtima udzayamba kukunong'onezani kuti tsitsa mtengo. Ndikufuna kuti mawu amenewo akadzabwera, adzakupezeni mutamva kale nkhani ya amayi awiri amene ndinkakhala nawo moyang'anizana pakamsika ka kwathu, ine ndikugulitsa nyemba ndi mpunga, iwo akugulitsa tomato.

Kamsika kathu kanali kakang'ono. Msika waukulu unali kutali, kofunika kukwera minibasi, choncho anthu a m'dera lathu ankagula ndiwo za tsiku ndi tsiku kwa ife. Mabenchi a tomato analipo awiri okha, ogundana, pafupi ndi chipata. Lina linali la mayi wachikulire, wamasiye, amene tonse tinkamutcha Amake Mapasa. Anali atakhala pabenchi limenelo zaka zambiri, moti ena mwa makasitomala ake anawadziwa akadali kumsana. Linalo linali la mtsikana amene anali atangokwatiwa kumene m'deramo, ndipo dzina loti Mtengwa linamumatirira. Anali wachangu, wa mawu okoma poitanira malonda, ndipo mpamba wake unali ngongole ya kubanki m'khonde.

Muyambe mwadziwa mmene ndalama inkayendera pa mabenchi amenewa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Masiku amenewo dengu la tomato ankaoda K30,000 kwa opikulitsa amene ankabwera naye kuchokera ku Ntcheu, mbali za ku Lizulu. Kulinyamula kuti lifike pabenchi inali K3,000. Ziphaso za masiku awiri pamodzi ndi majumbo zinkadya K2,000. Ndiye kuti dengu lisanagulitsidwe ngakhale tomato mmodzi, linali litameza kale K35,000. Akachotsa wosweka ndi wophwanyika wa pansi pa dengu, ankaunjika milu 50 ya tomato asanuasanu, mulu uliwonse K1,000. Dengu likatha bwino m'masiku awiri, ankatola K50,000, phindu n'kukhala K15,000.

Taonani bwino apa. Pa K1,000 ya mulu umodzi, K700 si ya wogulitsa, ndi yobwezera mpamba. Yake ndi K300 yokha. Tsono munthu akatsitsa mtengo kufika pa K800, kasitomala amaona kuti wachotseredwa pang'ono, K200 pa K1,000. Koma K200 imeneyo sichoka pa mpamba, chifukwa wopikulitsa, wakabaza ndi wodula ziphaso alandira kale zawo zonse. Imachoka pa K300 ija, n'kusiya K100. Mtengo watsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, koma phindu lapita magawo awiri mwa atatu. Kuti wogulitsayo apeze ndalama yomwe ankapeza kale, ayenera kugulitsa madengu atatu m'malo mwa limodzi.

Chaka chimene ndikunenachi, zinthu zinasokonekera kumapeto kwa Sepitembala. Imeneyi ndi nyengo imene tomato wa kumadimba amakhala mbwee, anyamata ena n'kumayenda naye panjinga khomo ndi khomo. Ndi mwezi womwewo umene sukulu zimatsegulira, makolo atakhuthula matumba pa fizi, yunifolomu ndi makope. Komanso kutentha kumakhala kwayamba, ndipo tomato amene m'nyengo yozizira akanapirira masiku anayi amayamba kufewa pa tsiku lachiwiri. Ogula anachepa. Pamene kale ankamaliza milu 100 ya mabenchi onse awiri m'masiku awiri, tsopano ankagula pafupifupi milu 70. Yotsalayo ikafewa inkapita kwa amayi ophika nsima kuseri kwa msika, amene ankatenga mulu pa K300.

Lolemba m'mawa aliyense anali ndi dengu lake lathunthu. Pofika 10 koloko, Mtengwa anali atagulitsa milu iwiri yokha. Ndinkamuona akusuntha tomato uku ndi uku, kumupukuta ndi nsalu, kuunjikanso milu yomwe inali younjika kale. Lachisanu ankayenera kukapereka K10,000 kubanki m'khonde. Kenako kunabwera mayi wina ndi chikwama cha m'manja, n'kutola tomato mmodzi, kumufinya, n'kunena kuti, "Apawa andiuza kuti andipatsa pa K800. Inu bwanji?" Amake Mapasa nthawi imeneyo anali atapita kukatunga madzi, ndipo ine amene ndinali pomwepo ndikudziwa kuti sananene mawu amenewo.

Zimene zinkayenda m'mutu mwa Mtengwa anadzandifotokozera yekha pambuyo pake, ndipo sizinali zopusa ayi. Ankati, tikakhala tonse pa K1,000, ogula 70 aja tigawana pakati, aliyense agulitsa milu 35 n'kutola K35,000, yotsala 15 ipita kwa ophika pa K4,500, phindu K4,500. Ndikatsitsa ndekha, milu yanga yonse 50 itha pa K800, nditola K40,000, phindu K5,000. Koma amayiwa akatsitsa ine n'kukhala chete, ndigulitsa milu 20 yokha, yotsala 30 ipita kwa ophika, nditola K29,000, ndaluza K6,000. Ndiye kaya iwo atsitsa kaya satsitsa, kwa ine kutsitsa n'kwabwino.

Ana anga, imani kaye pa manambala amenewa. Chimene Mtengwa akanapindula potsitsa yekha chinali K500 yokha, kusiyana kwa K5,000 ndi K4,500. Palibe munthu wanzeru amene angadane ndi mnansi wake chifukwa cha K500. Chimene chinamukankha ndi K6,000 ija, imene ankaopa kuluza akasiyidwa yekha pamtengo wokwera. Anthu amakonda kunena kuti ogwetsa mitengo ndi adyera. Ine zaka zanga zonse za pamsika ndinaona kuti ambiri amatsitsa chifukwa cha mantha, ndipo mantha amenewo amakula pamene munthu sakudziwa chimene mnzake wa benchi loyandikana akuganiza.

Mtengwa anamupatsa mayi uja pa K800, kenako n'kukweza mawu kuti, "Tomato watchipa kuno! K800 mulu!" Amake Mapasa atabwerako ndi chigubu chawo cha madzi anaima chilili. Sanalankhule. Anakhala pansi, n'kumayang'ana. Ola lathunthu anapirira pa K1,000. Koma ataona makasitomala awo atatu akale akuwapatsa moni mwaulemu n'kupitirira kukagula pabenchi linalo, nawonso anachita masamu omwe aja m'mutu mwawo, ndipo yankho linatuluka lomwe lija. Dzuwa lisanapendeke, mabenchi onse awiri anali pa K800.

Apa ndi pamene masamu a aliyense anaphonya. Kutsitsa kumakoka anthu ngati watsitsa wekha. Mukatsitsa nonse, ogula amagawikananso pakati monga kale, kungoti tsopano akulipira zochepa. N'zoona kuti mtengo wotsika unawonjezerako ogula pang'ono, milu yogulidwa inafika ngati 80. Koma mphika wa ndiwo uli ndi malire. Mayi amene amathira tomato atatu mu usipa sathira khumi chifukwa choti watchipa, ndipo popanda firiji kunyumba sangagule wa sabata yonse. Lachiwiri madzulo aliyense anali atagulitsa milu pafupifupi 40 pa K800, yotsala 10 n'kupereka kwa ophika. Ndalama inakwana K35,000, ndendende imene analowetsa. Masiku awiri a padzuwa anapita popanda ngakhale ya sopo.

Lachitatu onse anakaodanso madengu athunthu, aliyense payekha, osalankhulana panjira. Amake Mapasa anayesa kubwerera pa K1,000, koma kasitomala woyamba anati, "Dzulo lomweli munali pa K800, lero chakwera n'chiyani?" Mtengo uli ngati madzi, kutsika sikufuna womukankha, koma kukwera kumafuna mphamvu. Anabwerera pa K800. Lachinayi m'mawa Mtengwa, poona kuti Lachisanu layandikira, anagwetsanso kufika pa K700, Amake Mapasa n'kutsatira. Ogula sanawonjezeke konse. Pa dengu limenelo aliyense anatola ndalama yosapitirira K31,000 kapena K32,000. Tsopano sankangotaya phindu, anali atayamba kudya mpamba.

Lachisanu madzulo, msika ukuyalulidwa, ndinamupeza Mtengwa atakhala kuseri kwa benchi lake, atamasula mfundo ya chitenje, akuwerenga ndalama kachiwiri ndi kachitatu. Atapereka ya kubanki m'khonde anatsala ndi K21,000. Dengu ndi K30,000. Misozi inali m'maso. Amake Mapasa anamaliza kumanga katundu wawo, n'kukoka kampando kawo kufika pomwe panali mtsikanayo.

"Mwana wanga, watsala ndi zingati?"

"Sizikwana dengu, amayi."

"Lolemba lija unatsitsiranji?"

"Anandiuza kuti inu mwayamba kale kugulitsa K800."

Amake Mapasa anapukusa mutu. "Ine ndinali kumpopi. Ukanandidikira n'kundifunsa, pakamwa pako pakanatha? Benchi langa ndi lako akulekana ndi chikhatho chimodzi. Koma nanenso ndili ndi mlandu. Nditabwerako ndinakhala duu ngati wosalankhula, n'kumakukwiyira mumtima, m'malo mokufunsa kuti mwana iwe chavuta n'chiyani."

"Ndinkaopa, amayi. Ndinkati mukatsitsa inu, ine wanga aola yense."

"Inenso ndinkaopa zomwezo. Taona tsono pomwe mantha atifikitsa."

Amake Mapasa anang'amba chidutswa cha katoni, n'kundibwereka cholembera, ndipo analemba manambala onse aja pamaso pake. Kenako anamufunsa funso limene palibe anali atalifunsa sabata yonseyo: "Anthu akugula milu 70, ife tikubweretsa 100. Vuto ndi mtengo kapena ndi dengu?" Mtengwa anayang'ana katoni ija nthawi yaitali, n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Ndi dengu, amayi."

Loweruka anaoda dengu limodzi n'kugawana pakati, aliyense n'kuponya pafupifupi K18,000, ndipo wakabaza analipidwa ulendo umodzi. Aliyense anaunjika milu 25. Amake Mapasa anamuuza kuti, "Tomato wako ndi wako, sindingakuuze mtengo. Ine wanga wolimbayu ndi K1,000, chifukwa pansi pa apo ndikugwirira ntchito wopikulitsa. Ndikadzaona kuti ndiyenera kutsitsa, udzamva kuchokera pakamwa panga, osati kwa kasitomala." M'mawa umenewo anthu anadandaula, ena anachoka osagula. Koma amene ankafuna kupita kumsika waukulu anawerengera ya minibasi yopita ndi yobwerera n'kuona kuti iposa K300 imene akufuna kupulumutsa. Popeza katundu anali wochepa, anatha asanafewe, ndipo aliyense anapeza phindu la pafupifupi K7,000 pa theka la dengu. Sabata yotsatira anayamba kuoda dengu limodzi ndi theka, milu 75. Ndalama yolowa inali K52,500, milu 70 n'kugulidwa pa K1,000, isanu n'kupita kwa ophika, ndipo aliyense ankapita kwawo ndi K9,000 ndi kanthu. Sizinafike pa K15,000 ya nyengo yabwino, koma mpamba wa Mtengwa unayamba kubwerera.

Nkhani ndi imeneyo. Tsopano ndikuuzeni zimene ndikufuna mutolepo.

Choyamba, musakhudze mtengo musanadziwe ndalama imene mulu umodzi wakudyerani. Ambiri a inu mumadziwa mtengo woodera wokha. Mumaiwala thiransipoti, chiphaso, jumbo, ndi katundu amene amawonongeka panjira. Phatikizani zonsezo, mugawe ndi chiwerengero cha milu imene mungagulitsedi, osati imene mukanagulitsa dengu likanafika lonse lili bwino. Nambala imene yatulukayo ndiyo pansi panu. Kwa amayi aja inali K700. Mukaidziwa, funso lotsatira ndi lakuti ndikatsitsa mwakuti, ndiyenera kugulitsa milu ingati kuti ndipeze zomwe ndimapeza, nanga ogula ochuluka chotero alipo? Gawani phindu lakale la pa mulu ndi phindu latsopano. K300 kugawa ndi K100 ikupereka 3. Ngati simukuona kumene ogula ochuluka katatu angachokere, kutsitsako kukusaukitsani ngakhale benchi litakhala lodzaza anthu tsiku lonse.

Powerengera pansi panupo, yang'ananinso mtengo umene mukaodere mawa, osati wa dzulo wokha. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta a galimoto anakwera, ndipo katundu wambiri anatsatira. Amene anagulitsa katundu wawo wakale pamtengo wakale anaona ngati apindula, koma atafika kooda anapeza kuti ndalama yonse, phindu ndi mpamba pamodzi, sikugulanso katundu wofanana ndi amene anagulitsa. Mpamba weniweni ndi dengu, osati mapepala a ndalama. Ngati lero uli ndi dengu, mkuja n'kulephera kugula dengu, waluza, kaya m'thumba muli zingati.

Chachiwiri, kumbukirani kuti mnzanu wa benchi loyandikana ali ndi maso ndi makutu, ndipo mawa adzakhala pomwepo. Masamu a Mtengwa akanakhala olondola akanakhala kuti akugulitsa tsiku limodzi lokha kwa anthu odutsa, pamalo pomwe sadzabwereranso, mnzake osatha kuyankha. Koma pamsika wokhazikika, phindu la wotsitsa yekha limakhala ola limodzi kapena awiri, pamene mtengo wogwa umakhala masabata. Choncho musamafunse kuti ndipeza zingati ndikatsitsa. Muzifunsa kuti ndipeza zingati tikatsitsa tonse, chifukwa kumeneko n'kumene mudzathere. Ndipo kasitomala akakuuzani kuti apo akugulitsa motchipa, musamukwiyire, akuteteza thumba lake monga inu mukutetezera lanu. Ingodzukani mukaone kapena mukafunse. Safunsa anadya phula.

Pano ndiyenera kukuchenjezani kuti musandimve molakwa. Sindikukuphunzitsani kupangana mitengo kuti mufinye ogula. Malamulo a dziko lino oona za mpikisano pa malonda amaletsa amalonda kugwirizana mtengo woti onse azigulitsira, ndipo ngakhale lamulo likanapanda kutero, kuumiriza mayi wa ana asanu kugula tomato pa K1,500 chifukwa choti alibe kwina kopita ndi kuba. Onani zimene Amake Mapasa anachita. Sanakweze mtengo kuposa umene unalipo, sanamulumbiritse mtsikanayo, sanamuopseze. Anachotsa bodza pakati pawo, anamuonetsa masamu, ndipo anasiya kuoda katundu wokaola. Mtengo wachilungamo ndi umene wogula angakwanitse, wogulitsa n'kubweza mpamba ndi kutsala ndi ya ufa. Wogula nayenso sapindula kwenikweni ngati mabenchi onse awiri agwa, chifukwa mwezi wotsatira adzakwera minibasi kukafuna tomato.

Chachitatu, pali njira zosangalatsira kasitomala zosagwetsa mtengo, ndipo yakale kwambiri ndi basela, amene ena amati pulayizi. Mulu wa tomato asanu wakudyerani K700, ndiye kuti mmodzi ndi K140. Mukamuponyera kasitomala tomato mmodzi m'jumbo mwataya K140, osati K200, ndipo mukasankha amene wayamba kufewa, woti mawa akanapita kwa ophika pa K60, mwataya zochepa kuposa pamenepo. Kuwonjezera apo, basela mumapatsa amene mwamusankha, wogula milu iwiri kapena wobwera tsiku ndi tsiku, ndipo mawa mukapanda kupereka palibe amene anganene kuti mwakweza. Mtengo wolengezedwa mokweza mawu umafika kwa aliyense, ngakhale amene akanalipira K1,000 mosadandaula, ndipo suiwalika.

Njira ina ndi kusankhula. Dengu likafika, musaunjike mosakaniza. Wofiira kwambiri, amene chala chikumira pang'ono pafupi ndi pamene panali kanthambi, ndi wa lero. Wolimba wofiirira ndi wa mawa. Wachikasu, wosapsa bwino, mumuike pamthunzi adikire. Wong'aluka mumuchotse msanga, chifukwa madzi ake ndi amene amaoletsa anzake ndi kuitana ntchentche. Mukatero mukhoza kukhala ndi mitengo iwiri pabenchi limodzi, wolimba K1,000, wofewa K700, ndipo kasitomala amaona ndi maso ake chifukwa chake. Wa ndalama zochepa amapeza chogula, koma mtengo wa tomato wabwino sunagwe.

Chachinayi, musachoke pano mukuganiza kuti kutsitsa mtengo ndi tchimo. Ilipo nthawi imene kukakamira n'kupusa. Dzuwa likapendeka pa tsiku lachiwiri, pansi pa dengu payamba kunyowa, fungo lowawasa layamba kumveka, musaganizenso za K700 imene munalowetsa. Ndalama imeneyo inapita kale, siibwerera chifukwa choti mwaumitsa khosi. Pamenepo muyerekeze K500 imene munthu akukupatsani tsopano ndi K300 ya ophika, kapena ndi dzala la mawa, ndipo mulandire K500. Ine wa nyemba ndinkatha kukana mtengo woipa mwezi wathunthu, chifukwa nyemba zimadikira. Wa tomato, wa nsomba zaziwisi ndi wa masamba alibe mwayi umenewo. Kusiyana kwake ndi zimene Mtengwa anachita n'kwakuti iye anatsitsa tomato wolimba, Lolemba m'mawa, akadali ndi masiku awiri m'manja.

Mutsitsenso pamene kooda kwatsika. Dengu likafika pa K20,000, pansi panu pafika pa K500, ndipo mukhoza kugulitsa K800 n'kutsalabe ndi K300 yanu. Mukakakamira pa K1,000 nthawi yotero, wina adzabwera ndi dengu lake n'kukhala pachipata, ndipo adzakhala kuti sanalakwe. Dziwaninso kukula kwa msika umene mulimo. Amayi aja anali awiri okha, n'chifukwa chake zochita za mmodzi zinkagwedeza mnzake. Mukakhala pamsika waukulu ngati wa Limbe kapena wa Lizulu, pamzere wa ogulitsa tomato makumi angapo, mtengo suli m'manja mwa munthu mmodzi. Kumeneko chimene mungalamulire ndi kumene mukuoda, kuchuluka kwa zimene mukuoda, ndi mmene mukusamalira katundu kuti asawonongeke.

Chomaliza ndi chimene chinali muzu wa zonse. Malonda akayamba kuyenda pang'onopang'ono, yambani mwayang'ana dengu musanayang'ane mtengo. Zizindikiro zake sizibisika. Katundu akutsala maulendo awiri otsatizana, ophika ayamba kukudziwani dzina, ndalama ya madzulo ikungokwana kuodera. Mukaona zimenezo, chepetsani oda. Theka la mpamba mulisunge, kapena muliike mu katundu wopirira ngati anyezi, amene amakhala masabata osawonongeka. Achinyamata mumachita manyazi kukhala ndi benchi la milu yochepa, mumafuna lioneke lodzaza ngati la mnzanu. Koma milu 25 yotha yonse inamupatsa Mtengwa K7,000, pamene milu 50 inamulanda K4,000. Ndipo ngati mpamba wanu ndi wangongole, ya kubweza muziipatula pang'onopang'ono tsiku lililonse, kuti Lachisanu lisamakupangireni mtengo Lachinayi.

Amayi awiri aja anakhala moyandikana zaka zingapo pambuyo pake. Mpikisano sunathe. Aliyense ankaitanira makasitomala ake, aliyense ankayesetsa kuti milu yake ioneke yokongola kuposa ya mnzake, ndipo nthawi zina mitengo yawo inkasiyana chifukwa tomato wawo anali wosiyana. Koma wina akapita kumaliro, mnzake ankamugulitsira n'kumusungira ndalama yake pamfundo yapadera. Ndipo madzulo a tsiku lachiwiri ndinkamva mmodzi akuuza mnzake kuti, "Wanga wafewa, ndikumutsitsa." Mnzakeyo ankafinya wake, n'kuyankha kuti, "Tsitsani, wanga afika mawa."

Inunso, ana anga, mawa mukafika pamalonda anu, mupatseni moni wa benchi loyandikana, mudziwe kumene amaoda ndi chimene chikumusowetsa tulo. Ndipo m'thumba mwanu musasowe cholembera ndi kachidutswa ka katoni, kuti mtima ukadzati tsitsa, muyambe mwalemba manambala musanatsegule pakamwa.